Kumuuza kasitomala chochita: pempho liti pa nthawi iti?

Uthenga uliwonse wotsatsa malonda umathera pa mzere wouza munthu choti achite: imbani, tilembereni, bwerani mudzaone, lipirani lero. Amalonda ambiri ali ndi mzere umodzi wokha womwe amaumata paliponse, kaya akuyankhula ndi munthu amene wangomva dzina lawo koyamba, kaya ndi amene wafunsa kale mtengo kawiri. Ndiye amadabwa kuti anthu aona uthenga ambirimbiri koma foni ili zii.

Pano tiyerekeza mapempho asanu, ndipo titenga chitsanzo chimodzi kuti nkhani isabalalike: shopu yogulitsa ndi kulumikiza magetsi a sola a m'nyumba, yomwe imatsatsa pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa wailesi. Sola ndi katundu wodula. Palibe amene amagula tsiku lomwe wamva za iye, choncho masitepe onse a wogula amaoneka bwino. Zomwezi zigwiranso kwa kalipentala wa masofa, wogulitsa njinga zamoto kapena wokhoma malata.

Wogulayo ali pati?

Simufunika makina kuti mudziwe. Mafunso ake amamuulula. Amene sanayambe kuganiza zogula safunsa kanthu, amangoona n'kudutsa, mwina n'kulemba kuti "zabwino". Amene wayamba kuganiza amafunsa za katunduyo: kodi iyendetsa filiji, batire imakhala zaka zingati, nanga nthawi ya mitambo? Amene akusankha pakati pa inu ndi shopu ina amafunsa za inuyo: muli pati, mumapereka galanti, ikawonongeka mudzabwera? Wokonzeka amafunsa za ndalama ndi tsiku: nditumize pa nambala iti, mubwera liti?

Pempho labwino ndi lomwe likupempha chinthu chimene munthu wa pa sitepe imeneyo angapereke osadandaula. Pempho lililonse lili ndi mtengo kwa iye. Kuonera kanema kumamudyera bandulo. Kukulemberani kumatanthauza kuti wakupatsani nambala yake. Kubwera ku shopu ndi ndalama ya minibasi ndi theka la tsiku. Depoziti ndi ndalama zenizeni zopita kwa munthu amene mwina sanamuonepo.

Miyeso yomwe tigwiritse ntchito

Mtengo: zimene inu mulipire, komanso zimene wogula ataye pomvera pempholo. Kupezeka: kodi anthu amene mukuwafuna angathedi kuchita zimenezo ndi foni ndi bandulo yomwe ali nayo? Ntchito yake: zomwe muyenera kumachita tsiku ndi tsiku kuti pempholo lisakhale bodza. Zoopsa: pomwe limaphonya, ndi chizindikiro chakuti laphonya.

1. "Onerani" ndi "Titsatireni"

Ili ndi la munthu amene sakukudziwani. Kumsika wa kaunjika amalidziwa kalekale, n'chifukwa chake amakuwa kuti kuona ndi ulere. Kwa wa sola, likhoza kukhala kanema wamfupi wosonyeza nyumba yomwe mwangomaliza kulumikiza, mababu akuyaka, TV ikuonetsa, kenako mzere woti "Titsatireni, Lachisanu tikuonetsani kuti panelo imodzi imayendetsa chiyani."

Mtengo. Kwa wogula ndi wochepa kuposa ena onse. Kwa inu, kuika uthenga pa tsamba lanu ndi pa Status n'kwaulere, koma ufika kwa anthu ochepa. Mukafuna kufikira achilendo mumalipira Facebook, ndipo apa pali vuto lathu: pamafunika khadi la kubanki lotha kulipira kunja, pomwe ndalama zakunja zikusowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomweyo ya m'makwacha inayamba kugula anthu ochepa. Ambiri amadutsira mwa munthu wina amene ali ndi khadi, yemwe amaikapo yake.

Kupezeka. Aliyense wa foni yamakono ndi bandulo ya Facebook. Koma samalani ndi batani la `Learn more` lopita ku webusaiti yanu. Anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha, ndipo akadina linki yotuluka kunja, tsamba silitseguka. Facebook idzakuwerengerani kuti munthu wadina, inu mwalipira, iye sanaone kanthu. Pa sitepe ino musamutulutse munthu pamene mwamupeza.

Ntchito yake. Kukhala ndi choonetsa chatsopano sabata iliyonse. Status imafufutika pakatha maola 24. Tsamba lomwe linasiya kuyankhula miyezi itatu yapitayo limaoneka ngati shopu inatseka.

Zoopsa. Kukhuta ndi manambala opanda ndalama. Okutsatirani akhoza kufika masauzande koma ambiri ndi ana asukulu ndi anzanu. Chizindikiro chake: mayankho ali mbwee, koma palibe funso ngakhale limodzi lokhudza katundu.

2. "Lowani pagulu lathu" kapena "Sungani nambala yathu"

Ili ndi la munthu amene chidwi ali nacho koma ndalama sizinakwane. Pa sola anthu oterewa ndi ochuluka: mlimi akudikira kugulitsa fodya kapena soya, mphunzitsi akudikira ngongole ya ku SACCO, mayi akudikira kugawana kwa banki mkhonde mu Disembala. Simungawafulumize. Chomwe mungathe ndi kuonetsetsa kuti tsiku lomwe ndalama ifike, dzina lanu lili m'foni mwawo.

Mtengo. Ulere mbali zonse, kupatula nthawi yanu.

Kupezeka. WhatsApp ili ndi zipangizo zitatu, ndipo sizofanana. Gulu limatenga anthu mpaka 1,024, koma aliyense amaona nambala ya mnzake. Mndandanda wa `Broadcast` umatenga anthu 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. N'chifukwa chake pempho lake liyenera kunena mosabisa kuti "sungani nambalayi". `Channel`, yomwe inayamba mu 2023, imabisa manambala a otsatira, koma inunso simuwadziwa, ndipo sangakufunseni mafunso momwemo.

Ntchito yake. Gulu lotseguka limafuna mlonda. Likapanda woyang'anira limadzaza mavesi a m'mamawa, mauthenga a maliro ndi ena otsatsa zawo. Ambiri amalitseka kuti azilemba eni okha, zomwe ndi zanzeru, koma pamenepo ndiye ndi `Channel` ya dzina lina basi.

Zoopsa. Opikisana nanu amalowa pagulu, amatola manambala n'kuwalembera anthu anu kumbali ndi mtengo wotsikirako. Akuba amachitanso chimodzimodzi, akudzitcha ogwira ntchito ku shopu yanu. Ndipo musaike anthu pagulu osawafunsa. Ambiri zimawanyansa, ena amakunenezani mpaka WhatsApp kutseka nambala, komanso Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo nambala ya foni ya munthu ili m'gulu la zinthu zotetezedwazo. Kwa shopu yaing'ono ine ndingasankhe `Broadcast` pamodzi ndi Status, gulu ayi.

3. "Tilembereni pa WhatsApp"

Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu, chifukwa ndi pempho lomwe pafupifupi aliyense amaligwiritsa ntchito, ndipo ambiri amaliwononga. Malo ake enieni ndi pa munthu amene akuyerekeza. Likaikidwa pa uthenga wopita kwa anthu osakudziwani, zotsatira zake mukuzidziwa: mauthenga makumi asanu onena "bwanji", "zingati", mukayankha mtengo munthuyo n'kusowa.

Cholakwika sichikhala batani, chimakhala chakuti simunamuuze choti alembe. "Inbox for price" imaitana funso la mtengo, ndipo mtengo wa sola ukatchulidwa wokha, popanda kunena zomwe iyendetse, umangoopseza. Pempho labwino limamupatsa kantchito kakang'ono komwe kamamuthandiza iye ndi inu nomwe: "Tilembereni zinthu zomwe mukufuna kuyatsa ndi maola ake, tikuuzani sola yokwanira." Wongodutsa sangavutike kulemba mndandanda. Amene walemba ndiye akuganizadi.

Tione mmene zimayendera. Bambo wina alemba kuti akufuna mababu 4, TV ndi kutchaja mafoni awiri. Mababu anayi a mawati 5 akayaka maola 5 adya 100Wh, kutanthauza mawati onse kuchulukitsa ndi maola. TV ya mawati 40 kwa maola 4 idya 160Wh. Mafoni awiri tingowaikira 20Wh. Zonse ndi 280Wh pa tsiku. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, koma ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, choncho yogwiritsa ntchito ndi 600Wh, yokwanira masiku awiri. Panelo ya mawati 100 ikhoza kubweza zimene zadyedwa pa tsiku la dzuwa labwino, koma m'miyezi ya chiperoni ya 150 ndiyo ingakupatseni mtendere. Mukamuyankha motero, kenako n'kutchula mtengo, mtengowo uli ndi tanthauzo. Akanena kuti akufunanso filiji, mumuuze nthawi yomweyo kuti masamu asintha kwambiri. Amene amakuuza zoona zotere ndiye umamukhulupirira.

Mtengo. Pulogalamu ya WhatsApp Business ndi yaulere. Mukalipira Facebook ndi batani la `Send WhatsApp message`, munthu mmodzi wolemba amakudyerani zambiri kuposa woonera kanema, koma n'zoyenera. Mtengo waukulu ndi wa munthu woyankha.

Kupezeka. Kwabwino kwambiri m'tauni ndi m'maboma, ndipo bandulo ya WhatsApp yokha ikwanira. Mukhoza kupanga linki yomwe imatsegula macheza ndi mawu olembedwa kale. Nambala imalembedwa ndi 265 kutsogolo, popanda 0 woyamba ndi popanda chizindikiro cha +:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20sola%20yoyatsa
```

Ubwino wina wa linkiyi ngwakuti mukasintha mawuwo pa uthenga uliwonse wotsatsa, mudziwa kuti munthu wachokera kuti. Ena amadandaula kuti kwa wa bandulo ya WhatsApp yokha linki imavuta nthawi zina, choncho lembaninso nambala yeniyeni pa chithunzi.

Ntchito yake. Yolemera kuposa mapempho onse. Munthu amene akuyerekeza walembera mashopu atatu nthawi imodzi, ndipo amene wayankha msanga ndi momveka ndiye wamugwira. Gwiritsani ntchito `Quick replies` pa mafunso obwerezabwereza, `Away message` usiku yonena nthawi yomwe muyankhe, ndi zizindikiro zoika pa macheza kuti musiyanitse amene wangofunsa, amene walandira kotesheni ndi amene walipira. Popanda izi, pofika sabata yachiwiri simudziwanso amene munamulonjeza chiyani.

Zoopsa. Kuchedwa kuyankha ndiko kumapha. Chachiwiri ndi kusiyira foni ya shopu mnyamata amene sadziwa katundu, n'kumalonjeza anthu kuti panelo imodzi iyendetsa ayironi. Chachitatu ndi kuweruza ndi kuchuluka kwa mauthenga. Tingoyerekeza: mwaika K50,000 pa uthenga wa "funsani mtengo", anthu 100 alemba, mmodzi wagula. Mwaikanso K50,000 pa uthenga wa "tiuzeni zomwe mukufuna kuyatsa", alemba 25 okha, atatu agula. Woyamba akuoneka wotchipa, K500 pa munthu wolemba poyerekeza ndi K2,000. Koma wogula mmodzi wakudyerani K50,000 pa woyamba ndi K16,667 pa wachiwiri, osawerengera maola omwe mwataya poyankha anthu 99. Facebook imakuonetsani nambala yoyambayo yokha. Yachiwiri muyenera kuiwerenga nokha m'kope.

4. "Imbani" ndi "Bwerani mudzaone"

Ndawaika pamodzi chifukwa onse akuyankha funso limodzi la wogula: kodi anthu awa alipodi? Ndi a sitepe yosankha.

Mtengo. Kwa wogula wakwera tsopano: mayunitsi, kapena thiransipoti. Mukhoza kumuchotsera wa mayunitsi pomuuza kuti "ingofulashani, tikuimbirani", koma mukatero mwautengera pa inu.

Kupezeka. Apa kuimba kumapambana ena onse, chifukwa kumagwira pa kafoni ka mabatani. Ngati mukutsatsa pa Zodiak kapena pa wailesi ya m'dera monga ya Nkhotakota kapena Mzimba, ili ndilo pempho lokhalo lomveka. Palibe amene angalembe linki akumvera wailesi. Tchulani nambala imodzi ya Airtel ndi imodzi ya TNM, pang'onopang'ono, kawiri. Kubwera ku shopu kumagwira kwa okhala pafupi okha. Kuuza munthu wa ku Chitipa kuti abwere ku Area 2 ku Lilongwe kudzaona batire ndi kumuthamangitsa. Ameneyo muimbireni pa vidiyo, mumuonetse shopu, kapena mumuuze nyumba ya m'dera lake yomwe munalumikiza, mwini wake atavomera.

Ntchito yake. Foni iyenera kukhala ndi moto ndi munthu pa nthawi yomwe mwanena, makamaka mphindi zotsatira uthenga wa pa wailesi. Ku shopu kukhale sola yolumikizidwa, yoyaka, osati makatoni okha. Ndipo lembani nambala ya aliyense woimba ndi zomwe anafunsa, chifukwa foni sisiya mbiri ngati WhatsApp.

Zoopsa. Munthu kufika n'kupeza katundu amene munamuonetsa watha, kapena mtengo wasintha. Ameneyo sabweranso, ndipo akauza ena. Batani la `Call now` pa uthenga wopita kwa anthu osakudziwani limabweretsa ofulasha usiku ndi ofunsa ntchito.

5. "Lipirani depoziti" kapena "Gulani lero"

Ili ndi la wokonzeka yekha, amene walandira kale kotesheni. Ndi pempho lomwe liyenera kunenedwa mosapita m'mbali. Amalonda ambiri amachita manyazi apa: afotokoza zonse bwinobwino, kenako amaliza ndi "mutiuza mukaganiza". Munthu amene wafunsa tsiku lomwe mungabwere safuna kuganizanso. Muuzeni: "Depoziti ndi theka. Mukatumiza lero tibwera Loweruka m'mawa, yotsalayo mulipira magetsi akayaka." Muli ndalama, muli tsiku, muli chitetezo chake.

Mtengo. Kwa wogula ndi waukulu kuposa onse, ndipo si ndalama yokha, ndi mantha. Kwa inu ndi ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa. Gwirizanani msanga kuti "yotapira" alipira ndani, isadzakhale mkangano pa tsiku lomaliza.

Kupezeka. Airtel Money pa `*211#`, Mpamba pa `*444#`, ndi za mabanki monga Mo626 ya National Bank pa `*626#`, zonse zimagwira ngakhale pa foni ya mabatani. Pa ndalama zambiri banki ndiyo yabwino, chifukwa za pa foni zili ndi malire a zomwe munthu angatumize. Batani la `Shop now` lopita ku webusaiti yolipirira ndi khadi n'lothandiza kwenikweni kwa abale a ku Joni kapena ku Ulaya amene akugulira makolo kumudzi. Kwa ogula a konkuno silipita patali.

Ntchito yake. Risiti nthawi yomweyo, ngakhale chithunzi chake pa WhatsApp. Kusunga tsiku lomwe mwalonjeza. Kusintha mitengo paliponse pomwe munailemba ikasintha, ndipo pa kotesheni lembani kuti mtengowo ugwira mpaka tsiku liti.

Zoopsa. Zili mbali ziwiri. Wogula amaopa akuba, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti nkhani za kubedwa pa foni aliyense anazimvapo. Muuzeni pasadakhale dzina lomwe aone potumiza, ndipo ngati n'kotheka likhale la bizinesi, osati la mlamu wanu. Inunso musakhulupirire chithunzi cha uthenga woti ndalama yatumizidwa. Yang'anani balansi yanu katundu asanatuluke. Choopsa china ndi changu chabodza. "Zatsala ziwiri zokha" sabata iliyonse imasanduka nthabwala, komanso kutsatsa konyenga n'koletsedwa ndi malamulo, ndipo wogula akhoza kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la CFTC. Changu chenicheni chilipo chokwanira: mtengo wa katundu wobwera ukwera, kapena galimoto ikupita dera lawo Loweruka lokha.

Kulumikiza masitepe

Munthu mmodzi sangaone mapempho onse asanu pa uthenga umodzi n'kudziwa choti achite. Uthenga umodzi, pempho limodzi. Mukalemba kuti imbani, lowani pagulu, titsatireni, bwerani ku shopu, amasankha chosavuta kwambiri, chomwe ndi kudutsa.

Ngati mumalipira Facebook, `Ads Manager`, pomwe mumayendetsera mauthenga anu otsatsa, imalola kupanga `Custom audience` ya anthu amene anaonera kanema wanu kapena anachitapo kanthu pa tsamba lanu. Ndiye kanema muonetse aliyense wa m'dera lomwe mungafike, koma pempho la WhatsApp lipite kwa amene anaonera okha. Ngati simulipira, ntchito yomweyi imachitika ndi manja: Status ndi ya onse, kotesheni ndi ya amene anatumiza mndandanda, pempho la depoziti limapita kwa munthu mmodzimmodzi.

Kuti mudziwe pomwe paphonya, onani pomwe anthu akuthera. Akuona koma salemba: mwapempha chachikulu msanga, kapena mukuonetsa anthu olakwika. Akulemba koma akamva mtengo akusowa: pempho lanu likuitana funso la mtengo, lisintheni. Akulandira kotesheni koma salipira: sakukukhulupiriranibe, ndiye abwezereni ku sitepe ya kuimba kapena kuona, musawaonjezere mauthenga a "mwaganiza bwanji bwana".

Liti kwa ndani

Ngati shopu ndi yatsopano ndipo palibe amene akukudziwani, yambani ndi "onerani" ndi "sungani nambala yathu" kwa masabata angapo, pempho la depoziti lizikhala m'macheza okha.

Ngati muli nokha, mumalumikiza nokha ndi kuyankha nokha, musalipire Facebook pa batani la WhatsApp. Mudzakhala pa denga mauthenga akuunjikana. Gwiritsani ntchito pempho la mndandanda wa zoyatsa pa Status yanu, ndipo nenani nthawi yomwe mumayankha.

Ngati ogula anu ndi alimi, wailesi ndi "imbani" ndizo zanu. Miyezi ya mvula pemphani kuti asunge nambala. Pempho logula lisungireni nthawi yomwe misika ya fodya ndi mbewu yatsegulidwa, kuyambira mu Epulo.

Ngati wolipira ali kunja ndipo katundu akupita kumudzi, muli ndi ogula awiri. Wakumudzi muimbireni kuti mumve zomwe akufuna kuyatsa. Wakunja mutumizireni kotesheni pa WhatsApp, njira yolipirira, kenako kanema wa mababu akuyaka m'nyumba ya amayi ake musanapemphe yotsalayo.

Ngati katundu wanu ndi wotchipa, monga tochi ya sola kapena babu, masitepe onsewa amapindika kukhala amodzi. Lembani mtengo pa chithunzi pomwepo, tchulani malo a shopu, n'kunena kuti "gulani".